Dziko la kumtunda likamanga damu, kodi a kumunsi atsala ndi madzi?

"Ndine mayi amene ndimatsogolera gulu la alimi a mthirira. Mtsinje umene timapopamo madzi umachokera m'dziko loyandikana nalo, ndipo tamva kuti anzathuwo akufuna kumanga damu lalikulu kumtunda. Pawailesi timamvanso za mkangano wa Itiyopiya ndi Iguputo pa mtsinje wa Nailo, ndiye mantha atigwira. Kodi dziko la kumtunda lingatseke madzi mmene lafunira? Nanga madzi a mtsinje wodutsa m'mayiko angapo, mwini wake ndani?"

Zikomo mayi, ndipo mtima ukhale m'malo kaye. Pa zaka zimene ndagwira ntchito yoyeza mitsinje ndi kuwerengera madzi a m'madamu, ndaona kuti chimene anthu a kumunsi amachiopa kwambiri, chakuti tsiku lina adzadzuka n'kupeza mtsinje wauma chifukwa wina watseka, sichichitika kawirikawiri pa mtsinje waukulu. Damu lili ndi malire. Likadzaza, madzi onse obwera ayenera kudutsa, mwini wake afune asafune. Ndipo ngati ndi damu lamagetsi, mwini wake amapeza ndalama pokhapokha madzi akamadutsa m'makina n'kubwerera mumtsinje. Akatseka madzi wadzitsekeranso magetsi.

Choncho chinthu choyamba kuchidziwa ndi ntchito ya damulo. Damu lamagetsi limasintha nthawi imene madzi amakufikani, koma pachaka chonse limabweza pafupifupi onse, kupatula amene auluka ngati nthunzi padziwe lake. Damu lamthirira, kapena lopatutsira madzi kuchigwa china, ndi nkhani ina. Madzi amene mbewu zamwa sabweranso, ndipo amene apita kumtsinje wina kudzera m'ngalande simudzawaonanso. Anthu amachita mantha ndi khoma lalitali lakonkire, pamene nthawi zambiri chimene chimachepetsadi mtsinje ndi minda ikuluikulu yamthirira imene imatsegulidwa mwakachetechete pambuyo pake.

Sindikufuna kukunamizani kuti palibe chovuta. Chilipo, ndipo chimaonekera m'zaka za chilala. Popeza mwatchula za Nailo, tiyeni titsatire nkhani imeneyo bwinobwino, chifukwa muli pafupifupi zonse zimene zimavuta pa mtsinje wogawana.

Chigwa cha Nailo chimakhudza mayiko 11. Ambiri amaganiza kuti madzi a ku Iguputo amachokera kunyanja ya Victoria, koma zoona zake n'zakuti pa malita 100 alionse ofika ku Aswan, kum'mwera kwa Iguputo, pafupifupi 85 amachokera kumapiri a Itiyopiya. Ochuluka mwa amenewa amabwera ndi mtsinje wa Abay, umene pamapu umalembedwa kuti Blue Nile, ndipo amabwera mothamanga m'miyezi yochepa ya mvula, kuyambira Julaye mpaka Okutobala. Iguputo ndi dziko lachipululu. Mvula yake ndi yosadalirika n'komwe, moti pafupifupi madzi onse akumwa ndi olimira amachokera mumtsinje umodziwu. Kumtunda ndiko kumagwa mvula, kumunsi ndiko kuli anthu amene sangakhale popanda mtsinjewo.

Madzi a mitsinje ikuluikulu timawayeza m'makiyubiki mita. Kiyubiki mita imodzi ndi malita 1,000, ndipo pa Nailo timawerenga m'mabiliyoni pachaka. Mu 1959, Iguputo ndi Sudani anasainirana pangano. Anatenga madzi amene amafika ku Aswan m'chaka chapakatikati, mabiliyoni 84, n'kuchotsapo mabiliyoni 10 amene ankayembekezera kuti aziuluka ngati nthunzi padziwe la damu la Aswan. Otsalawo anagawana: Iguputo mabiliyoni 55.5, Sudani mabiliyoni 18.5. Mukawonkhetsa muona kuti palibe ngakhale dontho limene linatsalira wina aliyense. Dziko la Itiyopiya, kumene madziwo amachokera, silinakhale nawo pa zokambiranazo ndipo silinavomerepo panganoli. Mayiko a kunyanja ya Victoria anali adakali m'manja mwa atsamunda. Pangano lina lakale la 1929, limene Mangalande anapangana ndi Iguputo m'dzina la madera amene ankawalamula, linapatsa Iguputo mphamvu yokana ntchito zomangidwa kumtunda. Tanganyika atangolandira ufulu ananena poyera mu 1962 kuti sadziona womangidwa ndi panganolo.

Pamenepa m'pamene pali gwero la kusamvana. Kwa munthu wa ku Iguputo, mabiliyoni 55.5 ndi madzi amene midzi, mizinda ndi minda yake zamangidwapo kwa zaka zoposa 60, ndipo ngakhale amenewo sakukwana chifukwa anthu achuluka kupitirira mamiliyoni 100. Kwa munthu wa ku Itiyopiya, nambala imeneyo inalembedwa ndi anthu awiri amene anagawana chinthu cha anthu ambiri enawo kulibe. Ine ndimaona kuti onse awiri akunena zoona, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi yakhala yovuta kuithetsa.

Mu Epulo 2011 Itiyopiya anayamba kumanga damu lalikulu pa Abay, pafupi ndi malire ake ndi Sudani, limene limadziwika ndi dzina lachidule la GERD. Ndi damu lamagetsi, la mphamvu ya mamegawati 5,150, ndipo dziwe lake limasunga madzi mabiliyoni 74. Yerekezani nambala imeneyo ndi madzi amene Abay amabweretsa pamalopo m'chaka chapakatikati, omwe ndi pafupifupi mabiliyoni 49. Ndiye kuti dziwelo lingameze madzi onse a mtsinjewo a chaka ndi theka. Mantha oyamba a Iguputo anali pa kudzaza: kodi mabiliyoni 74 amenewa atengedwa m'zaka zingati? Akatengedwa m'zaka zitatu, chaka chilichonse pasowa pafupifupi theka la madzi a Abay. Akatengedwa m'zaka zisanu ndi ziwiri, pasowa pafupifupi mabiliyoni 10 kapena 11 pachaka, amene nkhokwe yaikulu ya Iguputo, nyanja ya Nasser, lomwe ndi dziwe la damu la Aswan lija, ingathe kuwaphimba, popeza imasunga oposa mabiliyoni 160.

Kudzaza kunayamba mu Julaye 2020 popanda mgwirizano, kunachitika pang'onopang'ono nyengo ya mvula iliyonse, ndipo damulo linatsegulidwa mwalamulo mu Sepitembala 2025. Minda ya ku Iguputo sinaume. Koma tisafulumire kunena kuti mantha aja anali achabe. Zaka zodzaza damuli zinakumana ndi mvula yabwino, ndipo nyanja ya Nasser inali ndi madzi ambiri poyambira. Mwayi unathandiza kwambiri. Zikanakhala kuti kudzazako kunagwera m'zaka zouma, nkhani ikanakhala ina.

Pali kanthu kamodzi ka m'chaka choyamba kamene ndikufuna mukasunge, chifukwa kakufanana ndi zimene zingakuchitikireni inu. Mu 2020 madzi amene anasungidwa anali ochepa, osakwana mabiliyoni 5. Komabe boma la Sudani linadandaula kuti mtsinje unatsika mwadzidzidzi mpaka malo ena opopera madzi akumwa ku Khartoum, likulu la dzikolo, analephera kugwira ntchito. Madzi a chaka chonse sanachepe kwenikweni. Chimene chinavuta n'chakuti anatsika masiku amene palibe ankayembekezera, mapaipi a mapampu n'kutsala pamtunda. Akanadziwitsidwa tsiku ndi kuchuluka kwa madzi otsekedwa, akanakonzekera. Pa ntchito yanga, madandaulo ambiri a pakati pa kumtunda ndi kumunsi amene ndakumana nawo anali amtundu umenewu: uthenga sunafike, kapena unafika mochedwa.

Tsopano tifike pamene pagona nkhani yeniyeni, pamene Itiyopiya, Iguputo ndi Sudani alephera kumvana mpaka zokambirana zinaduka mu Disembala 2023. Damu ladzaza, inde. Nanga chilala cha zaka zingapo zotsatizana chikadzabwera, ndani adzatsegule madzi ake osunga, ndipo angati? Chilala chotere si nthano. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 mpaka 1987 mvula inavuta ku Itiyopiya, nyanja ya Nasser inatsika chaka ndi chaka, ndipo pofika pakati pa 1988 inali itatsala pang'ono kufika poti makina a magetsi a ku Aswan aime. Chinapulumutsa Iguputo ndi madzi ochuluka a mvula ya chaka chimenecho. Nthawi imeneyo nkhokwe yaikulu inali imodzi, m'manja mwa mwini wake. Lero zilipo ziwiri, ndipo yakumtundayo kiyi wake ali ndi wina.

Ndiloleni ndiike manambala ongoyerekeza kuti muone mmene zimayendera. Tinene kuti kwa zaka zitatu Abay akubweretsa mabiliyoni 35 pachaka m'malo mwa 49, ndipo kuti masamu asavute tisiye kaye za nthunzi. Woyendetsa damu la kumtunda ali ndi njira zitatu. Angatulutse okhawo amene alowa, 35. Pamenepo a kumunsi akuvutika monga mmene akanavutikira damulo kukanakhala kulibe, osaposa apo. Angathenso kuthandiza, n'kumatulutsa 40, kutanthauza kuti chaka chilichonse akutapa mabiliyoni 5 pa madzi ake osunga, onse pamodzi 15 pa zaka zitatuzo. Apa damulo lasanduka chipulumutso kwa a kumunsi. Koma pali mtengo wake: madzi a m'dziwe akatsika, mphamvu imene amagwera nayo pamakina imachepa, ndiye madzi omwewo amatulutsa magetsi ochepa. Njira yachitatu ndi imene a kumunsi amaiopa, yakuti woyendetsayo aope kuti chilala chipitirira, aumire, azitulutsa 30 okha kuti dziwe lake likhale lokwera. Pamenepo damu lawonjezera chilala pamwamba pa chilala.

Ambiri amaimira pomwepa, koma gawo lovutitsitsa limabwera mvula ikabwerera. Tinene kuti anasankha njira yabwino ija yotulutsa 40. Chaka chachinayi mtsinje wabweretsa 49 monga mwa nthawi zonse. Damu la kumtunda lili ndi mpata wa mabiliyoni 15 umene likufuna kubwezeretsa. Nkhokwe ya kumunsi nayo yatsika, chifukwa kwa zaka zitatu yakhala ikulandira mabiliyoni 9 ochepera pa chizolowezi, onse pamodzi 27. Adzaze woyamba ndani? Wa kumtunda akabwezeretsa 15 wake yense m'chaka chimodzi, atulutsa 34 okha, ochepa kuposa amene mtsinje unkabweretsa pakati pa chilala penipeni. Anthu a kumunsi aona mvula ikugwa bwino kumapiri koma kwa iwo chilala chikukulirakulira. Akabwezeretsa pa zaka zitatu, azitulutsa 44 pachaka, ndipo onse awiri achira limodzi pang'onopang'ono. Kusiyana kwa 34 ndi 44 sikuchokera kumitambo. Kukuchokera pa chiganizo cha anthu, ndipo n'chifukwa chake chiyenera kulembedwa chilala chisanafike, mitima idakali pansi.

Ndiye bwanji sangolemba? Mu 2019 Iguputo anapempha kuti damulo lizitulutsa mabiliyoni osachepera 40 chaka chilichonse, ndiponso kuti kayendetsedwe kake kaziyang'ana mlingo wa madzi ku Aswan. Zokambirana zimene zinachitikira ku Washington zinatha mu Febuluwale 2020 Itiyopiya osasaina. Chifukwa chake chachikulu n'chomveka mukachiganizira. Akalonjeza nambala yokhazikika pa pangano lomanga, ndiye kuti mwanjira ina wavomera kagawidwe ka 1959 kamene wakhala akukakana, ndipo wadzimanga manja pa madamu ndi minda yamthirira imene angafune kutsegula kumtunda kwa GERD m'tsogolo. Iguputo naye akuti malangizo osamanga, amene mbali imodzi ingawasinthe yokha, sangagonerepo tulo dziko la anthu ochuluka chotero. Mkangano wa kayendetsedwe ka damu limodzi wanyamula pamsana mkangano wakale wa kagawidwe ka mtsinje wonse.

Maganizo anga ndi akuti pangano lolemba nambala imodzi yosasintha limakhala lofooka kuyambira tsiku losaina, chifukwa mtsinje subweretsa madzi ofanana chaka chilichonse. Pangano lolimba limakhala ndi masitepe. Limanena kuti madzi olowa akakhala pakati pa apa ndi apa, otuluka akhale akuti. Akatsika kupitirira apo, kusowako kugawidwe motere. Mvula ikabwerera, madamu adzazidwe motsatana chonchi. Limanenanso malo oyezera amene onse akuwakhulupirira, ndi nthawi yodzaliunikanso. Ndipo ngati wa kumtunda akutaya magetsi pofuna kupulumutsa minda ya kumunsi, ndi chilungamo kuti pakhale njira yomubwezera, kaya ndi ndalama kaya ndi kumugula magetsi pa mtengo wogwirizana. Kupempha dziko losauka kuti lizidzimana kwaulere mpaka kalekale sikungagwire.

Za umwini, malamulo a pakati pa mayiko savomera kuti dziko la kumtunda lichite chilichonse chimene lafuna chifukwa chakuti mvula inagwa kwawo. Savomeranso kuti dziko la kumunsi liletse chitukuko chilichonse kumtunda chifukwa chakuti linayamba kale kugwiritsa ntchito madziwo. Pangano la bungwe la UN la 1997 lokhudza mitsinje yogawana, limene linayamba kugwira ntchito mu 2014, laima pa mfundo ziwiri. Yoyamba ndi yakuti dziko lililonse ligwiritse ntchito madzi mwachilungamo ndi moyenera, poyang'ana zinthu monga chiwerengero cha anthu odalira mtsinjewo, ntchito zimene zilipo kale, zimene zikufunika m'tsogolo, ndiponso ngati pali kwina kumene dzikolo lingapeze madzi. Yachiwiri ndi yakuti lichite zonse zoyenera kuti lisavulaze kwambiri anzake. Mwachilungamo sizitanthauza mofanana, ndipo panganolo silipereka masamu ogawira. Mayiko a kumtunda amakonda kugwira mfundo yoyamba, a kumunsi yachiwiri. Pamene mayiko ankavota mu 1997, Iguputo ndi Itiyopiya onse awiri sanavotere mbali iliyonse.

Mbali ya panganoli imene ikukhudza inu mwachindunji ndi yodziwitsana. Dziko limene likufuna kumanga chinthu chimene chingavulaze anzake liyenera kuwadziwitsa lisanayambe, kuwapatsa zotsatira za kafukufuku wake, ndi kuwadikira miyezi isanu ndi umodzi kuti ayankhe. Akakana, pamakhala zokambirana. Koma kukambirana sikutanthauza kuti wa kumunsi ali ndi mphamvu yoletsa. Zimenezi zinamveka kale mu 1957 pa mlandu wa nyanja ya Lanoux pakati pa Falansa ndi Sipeini. Falansa ankafuna kupatutsa madzi kuti apange magetsi kenako n'kubwezera ofanana mumtsinje wopita ku Sipeini. Oweruza anati Falansa safunika chilolezo cha Sipeini, koma ayenera kumva nkhawa zake moona mtima ndi kuziganizira pa mapulani ake. Dziwaninso kuti malamulowa alibe apolisi. Khoti la mayiko onse la ku Hague limazenga mlandu pokhapokha mayiko onse okhudzidwa atavomera mphamvu zake. Pa Nailo, pangano latsopano la chigwa chonse limene linayamba kusainidwa ku Entebbe mu 2010 linayamba kugwira ntchito mu Okutobala 2024, koma Iguputo ndi Sudani sali m'gululo, ndiye silinathetse mkangano.

Kuli malo kumene mayiko anatenga njira ina. Pa mtsinje wa Senegal, mayiko a Mali, Mauritania ndi Senegal anakhazikitsa bungwe limodzi la OMVS mu 1972, pakati pa chilala choopsa, ndipo Guinea analowa mu 2006. M'malo mokangana kuti madzi angati ndi a yani, anamanga madamu a onse. Damu la Manantali lili m'dziko la Mali, la Diama lili kufupi ndi nyanja yamchere kumene limatchinga madzi amchere kuti asakwere mumtsinje, koma umwini wake ndi wa mayiko onse amene anamanga, ngongole anagawana, ndipo magetsi a Manantali amagawidwa: Mali 52 pa 100 alionse, Senegal 33, Mauritania 15. Mwini damu akakhala yemweyo amene ali kumunsi, funso lakuti atsegule liti limakambidwa m'nyumba imodzi.

Komabe nkhani ya mtsinje wa Senegal ili ndi chenjezo kwa alimi ngati inu. Maboma anamvana, koma anthu a m'mbali mwa mtsinje amene ankabzala pa chinyezi chotsala madzi osefukira akaphwa anataya zambiri, chifukwa damu linachepetsa kusefukirako. Cha kumunsi, madzi abata opanda mchere anachulukitsa nkhono, ndipo likodzo linabuka koopsa cha ku tauni ya Richard Toll m'dziko la Senegal kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Mgwirizano wa maboma sutsimikizira kuti mlimi wamng'ono wakumbukiridwa.

Ndiye tiyembekezere zotani pamunda panu ngati damulo lili lamagetsi? Mwina chodabwitsa n'chakuti m'chilimwe madzi angachuluke kuposa kale, chifukwa damu limasunga a dzinja n'kumawatulutsa chaka chonse. Kwa wothirira ndi pampu imeneyo ndi nkhani yabwino, ndipo ndi phindu limene Sudani akuyembekezera pa GERD. Koma ngati mbali ina ya ulimi wanu imadalira kusefukira, idzachepa. Madzi adzabweranso oyera, chifukwa matope amatsalira m'dziwe. Ngalande zanu sizidzatsekeka msanga ndi matope, koma nthaka sidzalandiranso chonde chatsopano, ndipo madzi opanda matope amakonda kukokolola pansi pa mtsinje ndi magombe ake, moti pakapita zaka malo amene munaika pampu angatsale pamwamba. Ngati muli pafupi ndi damulo, mungaonenso madzi akukwera ndi kutsika tsiku lomwelo, chifukwa makina amatsegulidwa kwambiri nthawi imene anthu akufuna magetsi ambiri. Zimenezi n'zoopsa kwa ana osamba, owoloka ndi ziweto.

Kuti mudziwe ngati kutsika kwa madzi kwabwera ndi damu kapena chilala, yang'anani kachitidwe kake. Chilala chimatsitsa mtsinje pang'onopang'ono, kwa masabata ndi miyezi, ndipo timitsinje tina ta m'dera lanu timene tilibe damu timatsikanso. Dzanja la munthu limaoneka ndi kusintha kwadzidzidzi, kwa maola kapena masiku ochepa, kapena kobwerezabwereza pa nthawi yofanana, pamene timitsinje tinato tili bwinobwino. Ndikukulangizani kuti muyambe lero, damu lisanamangidwe: zikani mtengo wolimba kapena chitsulo pamalo osagumuka pafupi ndi pampu yanu, lembanipo mizere ya masentimita, ndipo munthu mmodzi azilemba m'kope mlingo wa madzi m'mawa uliwonse pa ola lomwelo. Lembaninso maekala amene mumathirira, mbewu zake ndi miyezi imene mumapopa. Kope lotere la zaka ziwiri kapena zitatu ndi umboni wa mmene mtsinje unalili kale, ndipo popanda umboni wotero dandaulo la m'tsogolo limangokhala mawu anu kutsutsana ndi a mainjiniya.

Inu monga gulu la alimi simungakambirane ndi boma la dziko lina. Khomo lanu ndi ofesi ya zamadzi ya boma lanu, ndipo musadikire kuti konkire ithiridwe, chifukwa zinthu zimasinthika mosavuta damu likadali papepala. Lembani kalata, osangopita pakamwa, ndipo funsani zinthu zenizeni. Kodi dziko lathu ladziwitsidwa mwalamulo? Damulo ndi lamagetsi okha kapena lili ndi mthirira? Dziwe lake lidzasunga madzi ochuluka bwanji poyerekeza ndi amene mtsinje umabweretsa pachaka? Funso limeneli ndi lofunika kwambiri, chifukwa dziwe losunga madzi a masabata ochepa silingasinthe nyengo yanu, pamene losunga a chaka chathunthu lingathe kutero. Funsaninso kuti lidzadzazidwa m'zaka zingati, madzi ochepetsetsa amene adzatulutsidwe nthawi zonse ndi angati, chilala chikadzabwera lamulo lake n'lotani, ndipo akafuna kutsegula zitseko uthenga udzakufikani bwanji, maola angati madzi asanafike. Pemphani kuona lipoti la kafukufuku wa mmene damulo lidzakhudzire chilengedwe ndi anthu, ndipo muone ngati linayang'ana kutsidya kuno kwa malire, chifukwa malipoti ambiri amathera pamalire ngati kuti mtsinje nawo wathera pomwepo.

Ngati gulu lanu lilibe chilolezo cholembedwa chotungira madzi, kachitengeni msanga. Boma likamawerengera madzi amene dziko likugwiritsa ntchito kuti likawateteze pa zokambirana, limawerenga zimene zili m'mabuku ake, ndipo wosalembedwa sawerengedwa. Mitsinje yambiri yogawana ili ndi bungwe la chigwa chonse, monga ZAMCOM pa Zambezi kapena OMVS ija pa Senegal. Funsani ku ofesiyo ngati wanu uli nalo, ndi amene amaimira dziko lanu kumeneko. Ngati damulo likumangidwa ndi ngongole ya banki yaikulu yachitukuko monga Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, mabanki otero ali ndi maofesi olandira madandaulo kuchokera kwa anthu okhudzidwa mwachindunji, ndipo pamenepo ndi bwino kupeza loya kapena bungwe lodziwa malamulo a zamadzi kuti likuthandizeni kulemba.

Pali zizindikiro zina zosafunika kudikira msonkhano wa gulu. Madzi akatsika mwadzidzidzi mpaka mapampu kuyamwa mpweya, akakwera kopanda mvula, akasintha mtundu kapena fungo, kapena nsomba zikayamba kufa, dziwitsani ofesi ya zamadzi ndi ya zangozi tsiku lomwelo, mutalemba ola limene mwaona ndi mlingo wa pa mtengo wanu uja, ndipo ngati n'kotheka jambulani. Madzi akasintha mtundu kapena fungo, anthu ndi ziweto asamwe kufikira atayezedwa. Ndipo damu likadzayamba kugwira ntchito, madzi a m'ngalande zanu akakhala odekha chaka chonse, pemphani a zaumoyo kuti aziyeza likodzo kwa ana ndi kwa onse amene amagwira ntchito m'madzimo.